Mutu wa pa selufi ukukana suti

Funso

Ndili ndi kamalo kosindikizira zithunzi pa Golomoti. Anthu ochokera ku Bwanje, ku Mua ndi ku Mtakataka amabwera ndi selufi za abale awo kuti ndiwaveke suti pakompyuta, kawirikawiri ya pa pulogalamu ya maliro. Vuto n'lakuti mutu umatuluka waukulu, khosi n'kusowa. Kodi muyezo wake ndi wotani?

Wosindikiza zithunzi, Golomoti

Yankho

Bambo, vutoli limayambira pa selufiyo. Foni ikakhala pafupi ndi nkhope, mphuno ndi mphumi zimakula, makutu n'kubisala. Kafukufuku wa ku America wa mu 2018 anapeza kuti pa mtunda wa masentimita 30 mphuno imaoneka yotakata ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 alionse. Thupi la mu suti lija linajambulidwa chapatali, choncho ziwirizi sizingagwirizane zokha.

Yambirani pa mapewa. Mwa munthu wamkulu woyang'ana kutsogolo, mitu itatu yondandalikidwa m'mbali, osawerengera makutu, imadzaza mapewa. Mwa amayi mapewa amacheperako pang'ono. Tinene kuti mapewa a sutiyo ndi mapikiselo 900. Ndiye kuti mutu ukhale wotakata pafupifupi 300, ndipo kuchokera pachibwano kufika paliwombo ukhale cha m'ma 450. Ngati mutu wa pa selufi ndi wotakata 600, uchepetseni ndi theka, mbali zonse mofanana kuti nkhope isaphwatalale.

Musafulumire kufufuta mutu wakale wa pa thupi la mu sutilo. Ikani watsopano pamwamba pake, tsitsani `Opacity` kufika pa 50 kuti muziona yonse iwiri, kenako linganizani chibwano, maso ndi liwombo. Tsitsi, chipewa kapena duku zisakusokonezeni; yezani chigaza.

Khosi la munthu limachepa pang'ono poyerekeza ndi nsagwada, ndipo chibwano chimalunjika pa kadzenje ka pakati pa mafupa a m'munsi mwa khosi, pamene pamakhala mfundo ya tayi. Ngati selufiyo ikuonetsa khosi, dulani mutu pamodzi nalo n'kulilowetsa kuseri kwa kolala, kuti khungu likhale la munthu mmodzi. Ngati anajambula foni ili m'mwamba, khosi limabisika. Pamenepo siyani la thupilo, linganizani mtundu wa khungu ndipo ikani kamthunzi pansi pa chibwano.

Sankhaninso thupi lofanana ndi mwiniwake. Gogo wowonda akaikidwa pa mapewa a mnyamata wojintcha, abale amazindikira msanga ngakhale manambala atakwana.

Ngati mwini chithunzi ali moyo, mujambuleninso ataima mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, foni ili pa msinkhu wa maso ake. Ndipo ntchito yotereyi izichitika mwiniwake kapena banja lake atavomereza, osati pa zithunzi za ziphaso.