Banga Loyera pa Khomo la Chiberekero Si Khansa

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana. Mwa amayi ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Kakakhalitsa, kamasintha khungu la pa khomopo pang'onopang'ono, ndipo pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti pakhale khansa, kapena zaka 5 mpaka 10 mwa mayi amene chitetezo chake chatsika ndi HIV. Nthawi yonseyi mayi samva kupweteka kulikonse, n'chifukwa chake kuyezetsa n'kwa amayi amene akudzimva kuti ali bwino.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ayambe kuyezetsa ali ndi zaka 30, koma amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25. Wamasiye, komanso mayi amene amuna ake amatha miyezi ali ku usodzi, nawonso ayezetse. Poyeza, namwino amapaka vinega pa khomo la chiberekero, amadikira mphindi imodzi, kenako amaunika. Ngati sipanasinthe mtundu, mayi abwerenso pakatha zaka zitatu.

Vuto limabwera pakaoneka banga loyera. Amayi ena a ku Msumba ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja akamva zimenezi amati yawapeza khansa, kapena kuti achotsedwa chiberekero, ndiye sabweranso. Anamwino atopa n'kubwereza mawu omwewa: banga loyera si khansa! Ndi khungu limene layamba kusintha, lopezeka nthawi idakalipo. Polichiza sachotsa chiberekero, ndipo mayi amatha kuberekanso.

Mwachitsanzo, mayi wa zaka 34 wapezeka ndi banga laling'ono looneka lonse. Namwino amaliwotcha kapena kuliziziritsa ndi kachipangizo kwa mphindi zochepa, mayiyo ali maso, ndipo amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Kwa milungu inayi amatuluka chikazi chamadzimadzi, ndipo sayenera kukhala malo amodzi ndi abambo mpaka chilonda chitapola. Akatentha thupi, akataya magazi ambiri kapena chikazi chikamanunkha, athamangire kuchipatala. Pakatha chaka ayezetsenso. Banga likakhala lalikulu kapena lolowera m'kati, amamutumiza ku chipatala chachikulu cha ku Lichinga kuti akalidule kapena akatengepo kanyama kokapima. Kalata yotumizira si chiweruzo cha imfa. Kupima kanyamako ndiko kumatsimikiza ngati pali khansa. Choopsa ndi kusunga kalatayo m'nyumba miyezi n'kumapita.

Mayi amene akutaya magazi akakhala malo amodzi ndi abambo, kapena atasiya kale kusamba, asadikire tsiku loyezetsa. Apite kuchipatala cha pafupi kapena ku Metangula msanga. Katemera wa HPV wa atsikana a zaka 9 anayamba m'Mozambique mu 2021, koma wolandira katemera nayenso adzayezetse akadzakula.