Phunziro: Kaundula wa Ng'ombe Zathu

Mlimi wa ng'ombe zisanu kapena khumi amazidziwa zonse ndi maso, koma masiku amaiwalika. Gulani kope limodzi, ndipo ng'ombe iliyonse muipatse tsamba lake. Pamwamba lembani dzina lake kapena nambala ya pakhutu, mtundu wa ubweya wake, ndi dzina la make. Pansi pake muzilemba zinthu zitatu: kubereka, mankhwala ndi kulemera.

Kubereka

Lembani tsiku limene ng'ombe yakweredwa ndi nkhunzi. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, ndiye kuti miyezi isanu ndi inayi ndi masiku ochepa. Tiyerekeze kuti ng'ombe yanu, Mawanga, yakweredwa pa 10 Januwale. Muyembekezere mwana cha pa 20 Okutobala. Imeneyo ndi nyengo imene msipu wauma, choncho yambani msanga kuisungira mapesi ndi masangwi a mtedza. Koma ikafunanso nkhunzi patapita masiku 21, dziwani kuti sinatenge bere. Mwana akabadwa, lembani tsikulo, ndiponso ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Kulemera

Popanda sikelo, gwiritsani ntchito tepi yoyezera ng'ombe, imene imasonyeza makilogalamu. Imikani ng'ombe pamalo osalala. Zungulizani tepi pachifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, ikhale yogwira thupi koma yosafinya. Muziyeza kamodzi pamwezi, m'mawa ng'ombe isanadye. Ngati mwana wa ng'ombe sakuwonjezera kulemera kwa miyezi iwiri, mwina mkaka ukumuchepera kapena ali ndi nyongolotsi. Itanani alangizi a ziweto adzamuone.

Mankhwala

Mlingo wa mankhwala umayenderana ndi kulemera. Tinene kuti pabotolo palembedwa 1 ml pa makilogalamu 10 alionse, ndipo tepi yasonyeza kuti Mawanga ikulemera makilogalamu 250. Mlingo wake ndi 25 ml. Mukangoyerekeza ndi maso kuti ndi makilogalamu 200, mupereka 20 ml yokha. Mankhwala ochepa sapha tizilombo tonse, ndipo totsalato timawazolowera.

Pabotolo amalembaponso masiku odikira musanamwe mkaka kapena kudya nyama ya ng'ombe yolandira mankhwala. Werengani masikuwo, mulembe tsiku lomasuka. Mwachitsanzo:

3 Malichi. Mawanga. Kutentha thupi. Jakisoni 25 ml. Kudikira masiku 7. Mkaka kuyambira pa 11 Malichi.

Lembaninso tsiku la katemera ndi tsiku losambitsa ng'ombe mankhwala a nkhupakupa. Zonsezi muzilemba tsiku lomwelo, musanachoke pakhola, ndipo kope muzisunga m'pepala lapulasitiki kuopa mvula ndi chiswe.

Mafunso

1. Ng'ombe yakweredwa pa 1 Febuluwale. Idzabereka mwezi uti?
2. Tepi timazunguliza pati?
3. Ng'ombe ikulemera makilogalamu 180. Pa mlingo wa 1 ml pa makilogalamu 10, ilandira mankhwala ochuluka bwanji?

Ntchito

Lembani tsamba la ng'ombe imodzi ya m'khola lanu kapena la mnansi wanu, mubwere nalo kusukulu.