Masiku atatu oti alembedwe m'kalata yopempha tchuthi chauchembere

Ana anga amene mwayamba ntchito chaposachedwa, tinakula tikuuzidwa kuti pathupi salengeza, ndipo tsiku lochira sauza aliyense. Mwambowo ndimaulemekeza, ndipo kunyumba ndi kwa aneba usungeni momwe mungafunire. Koma kuntchito kuli munthu mmodzi amene ayenera kudziwa tsikulo, molembedwa papepala, nthawi ikadalipo: amene amasunga mafayilo a ogwira ntchito. Ine ndakhala pampando umenewo zaka zambiri, ndipo atsikana amene ndinawaona akulira chifukwa cha malipiro odulidwa kapena malo opatsidwa kwa wina, ambiri anali oti anangonong'oneza bwana pakhonde kuti "ndichokapo mwezi wamawa", bwana n'kugwedeza mutu, basi. Patapita miyezi iwiri aliyense ankakumbukira zake.

Kalata yopempha tchuthi chauchembere si yaitali, tsamba limodzi limakwana. Chimene chimaipatsa mphamvu ndi masiku atatu: tsiku loyembekezera kuchira, tsiku loyamba tchuthi, ndi tsiku lobwerera kuntchito. Limodzi likasowa, wina adzakulemberani, ndipo adzalemba lomukomera iyeyo.

Poyamba dziwani chimene chili chanu. Lamulo la zantchito la Malawi la chaka cha 2000 limati mayi wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi chauchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, akulandira malipiro ake onse, kamodzi m'zaka zitatu zilizonse. Nthawi imeneyo imawerengedwa ngati ali pantchito, ndipo akabwerera amabwerera pantchito yake yomwe ija ndi zonse zimene ankalandira. Kumuchotsa ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu, ndipo wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa umboni kuti sanamuchotse pa chifukwa chimenecho. Masabata asanu ndi atatuwo ndi poyambira chabe. Malo ena amapereka miyezi itatu, choncho musanagwire cholembera werengani kontilakiti yanu ndi buku la malamulo a pantchito panupo. M'menemo mupezanso kuti amafuna kudziwitsidwa kutatsala nthawi yotani.

Mawu akuti "kamodzi m'zaka zitatu" musawadumphe. Ngati munatenga tchuthi chotere chaka chatha ndipo mwaimanso, malipiro a ulendo uno sangobwera okha ayi. Zimafunika kukhala pansi n'kukambirana msanga, ndipo zimene mwagwirizanazo zilembedwe.

Tsopano tsiku loyamba lija. Musaliwerenge pamtima. Lili m'buku lanu la kuchipatala, pamene anamwino a kusikelo analemba zilembo zitatu zakuti EDD. Amalipeza poyambira tsiku loyamba la msambo wanu womaliza, n'kuwonjezera masiku asanu ndi awiri ndi miyezi isanu ndi inayi, zomwe zimakwana masiku 280, kapena kuti masabata 40. Ngati sikani yoyambirira yapereka tsiku losiyana, funsani anamwino kuti loti mugwiritse ntchito ndi liti, ndipo lomwelo ndilo lilowe m'kalata, kuti kalata yanu ndi chikalata cha kuchipatala zisatsutsane.

Tiyerekeze kalaliki wina wa ku Limbe, amene msambo wake womaliza unayamba pa 10 Januwale 2025. Tsiku lake loyembekezera ndi Lachisanu pa 17 Okutobala. Koma mwana sawerenga kalendala. Ana obadwa pa tsiku lenilenilo ndi ochepa kwambiri, ndipo kubadwa nthawi iliyonse kuyambira sabata la 37 mpaka la 42 si chachilendo. Kwa kalalikiyu, ndiye kuti matenda angamuyambe pa 26 Sepitembala, kapenanso mwezi wa Okutobala n'kutsala pang'ono kutha iye akudikirabe.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ndiye ndikhalitsapo. Masabata asanu ndi atatu aja amayamba kuwerengedwa tsiku limene mwasiya ntchito, osati tsiku limene mwana wabadwa. Ndiponso ndi masabata a pakalendala, masiku 56, Loweruka ndi Lamlungu momwemo. Kalaliki wathu akasankha kuyamba tchuthi Lolemba pa 6 Okutobala, tsiku lake lomaliza ndi Lamlungu pa 30 Novembala, ndipo Lolemba pa 1 Disembala akuyenera kukhala pa desiki. Mwana akabadwa pa 17 Okutobala, tsiku limenelo adzakhala ali ndi masabata asanu ndi limodzi ndi masiku atatu. Akachedwa masiku khumi n'kubadwa pa 27 Okutobala, mayi adzabwerera kuntchito khanda lili ndi masabata asanu okha. Pamenepo n'kuti asanapite kukaonedwa kuchipatala pa sabata lachisanu ndi chimodzi, mwana asanalandire akatemera a sabata limenelo, ndipo ngati anachira pa opareshoni, bala likadali lomveka akamakwera minibasi.

Mwaona tsono kuti sabata lililonse limene mwadya mwana asanabadwe mwalanda kwa khanda. N'chifukwa chake ena amakakamira pantchito mpaka matenda kuwayambira mu ofesi. Zimenezo sindikulimbikitsani. Amene amaima tsiku lonse, monga aphunzitsi, anamwino, ogulitsa m'sitolo ndi a m'fakitale, amene akuyembekezera mapasa, amene magazi akuthamanga kwambiri kapena miyendo ikutupa, ndi amene auzidwa kukakhala kuchidikiro chifukwa chipatala chili kutali, tsiku loyamba tchuthi alisankhe limodzi ndi anamwino. Amene ntchito yake ndi yokhala pansi ndipo zonse zili bwino, sabata limodzi kapena awiri tsiku lisanakwane n'zokwanira kwa ambiri.

Njira yotalikitsira nthawi yokhala ndi mwana ilipo, koma imafuna kuikonzekera mimba ikadali yaing'ono. Lamulo lomwe lija limapereka tchuthi cha pachaka, masiku 15 ogwira ntchito kwa amene amagwira masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa amene amagwira asanu ndi limodzi. Tchuthi chimenechi n'chosiyana ndi chauchembere, china sichidya chinzake. Kalaliki wathu akasunga masiku ake 15 osawakhudza, angapemphe kuti alumikizidwe kumapeto, kuyambira pa 1 mpaka pa 19 Disembala, n'kubwerera Lolemba pa 22. Masabata atatu amenewo ndi ambiri kwa mayi woyamwitsa. Koma nthawi yotengera tchuthi cha pachaka mumachita kugwirizana ndi abwana, ndiye pempholo lilowe m'kalata yomweyo, osati kudzaimba foni kutatsala masiku awiri.

Kalata yake ingaoneke chonchi, ndipo ngakhale kuntchito kwanu amalemba m'Chingerezi, zolowamo ndi zomwezi:

4 Ogasiti 2025

Kwa Mkulu woona za ogwira ntchito, kudzera kwa Mkulu wa nthambi yathu.

Kupempha tchuthi chauchembere

Ndikukudziwitsani kuti ndine woyembekezera, ndipo malinga ndi chikalata cha kuchipatala chimene ndaphatikiza, tsiku loyembekezera kuchira ndi 17 Okutobala 2025. Ndikupempha tchuthi chauchembere cha masabata asanu ndi atatu, cholipidwa, kuyambira Lolemba pa 6 Okutobala mpaka Lamlungu pa 30 Novembala 2025. Ndikupemphanso masiku anga 15 a tchuthi cha pachaka kuyambira pa 1 mpaka pa 19 Disembala. Ndidzabwerera pantchito yanga Lolemba pa 22 Disembala 2025. Ngati mwana abadwa tsiku la 6 Okutobala lisanafike, tchuthi chidzayambe tsiku lobadwalo, ndipo ndidzakudziwitsani polemba kuti tikonze tsiku lobwerera. Ntchito zimene zili m'manja mwanga ndidzazipereka kwa amene mungasankhe pofika pa 26 Sepitembala. Chonde ndiyankheni polemba.

Pansi pake dzina, nambala ya ntchito, ndi siginecha.

Taonani chiganizo chakuti "ndidzabwerera pantchito yanga". Musachifewetse ndi mawu ngati "ndikadzapeza bwino" kapena "zikadzatheka". Ndikudziwa kuti ulemu wathu umatikokera komweko, koma mawu amenewo pa fayilo amawerengedwa ngati munthu wosatsimikiza kubwerera, ndipo ndi amene amatsegula khomo loti alembe wina pamalo panu mokhazikika. Ngakhale mumtima mukukayika ngati mudzapeza wolera mwana, lembani tsikulo. Kusintha maganizo pambuyo pake n'kotheka, kudzera m'kalata ina. Musapepesenso. Simunalakwire munthu pokhala ndi pakati.

Taonaninso kuti tsiku loperekera ntchito kwa wina ndi 26 Sepitembala, osati Lachisanu lomaliza. Limeneli ndi tsiku limene mimba ikukwana masabata 37, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chingachitike. Makiyi a kabati, mafayilo osamalizidwa ndi ndalama za mu ofesi zimene zili m'dzina lanu zikhale zitaperekedwa, wolandirayo atasaina. Apo ayi, foni idzalira muli m'chikuta.

Za matenda anu ena, za bambo a mwana, zoti muli pabanja kapena ayi, siziyenera kulowa m'kalatayi, ndipo ufulu wa tchuthiwu sudalira zimenezo.

Mukalemba, pangani makope awiri. Imodzi asiyireni, inayo aidinde kapena asainepo ndi tsiku limene ailandira, n'kupita nayo kunyumba, osati kuisiya m'dirowa ya ku ofesi. Ijambuleninso pafoni. Pakatha masabata awiri osayankhidwa, kumbutsani polemba. Yankho likabwera, yerekezani masiku ake ndi anu limodzilimodzi, chifukwa nthawi zambiri si nkhanza, ndi kalaliki mnzanu amene wawerenga miyezi iwiri m'malo mwa masiku 56, kapena waiwala tchuthi cha pachaka chija. Kukonza cholakwika chotere mu Ogasiti ndi nkhani ya mphindi zisanu, pomwe mu Disembala chimasanduka mlandu wojomba.

Zinthu zikapanda kuyenda bwino pochira, lamulo limalola masiku owonjezera pamene dokotala wovomerezeka walemba kuti mukudwala chifukwa cha pathupi kapena uchembere, ngakhale kuchuluka kwa masikuwo amagamula ndi wolemba ntchito. Chofunika n'chakuti chikalata cha dokotala chifike ku ofesi tsiku lobwerera lisanakwane, ngakhale chitatumizidwa ndi mlamu wanu. Kungokhala chee kunyumba ndiko kumawapatsa ponamizira. Ndipo kuyambira mu 2021, pamene lamuloli linakonzedwa, bambo wapantchito nayenso ali ndi tchuthi cha masabata awiri cholipidwa, kamodzi m'zaka zitatu. Amuna anu alembe yawo kuntchito kwawo nthawi yomweyo.

Wina akakana kulandira kalata yanu, kapena mukabwerera n'kupeza mpando wanu wapatsidwa wina, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo zikakanika kumeneko kuli khoti loweruza nkhani za pantchito. Chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi pepala lodindidwa lija. Ngati mimba yanu yakwana miyezi isanu ndi iwiri, tsegulani buku la kusikelo, tengani kalendala, ndipo kalatayo ilembeni sabata lino.