Ofusayidi aphunzitseni akuyenda

Mwana akamathamanga, maso ake amakhala pa mpira basi. N'chifukwa chake ofusayidi, lomwe ndi Lamulo 11 pa malamulo a mpira wamiyendo, salimva mukamafotokoza masewero ali mkati. Aphunzitsi anzanga, yambirani pabolodi.

Jambulani theka la bwalo, golo ili kumtunda. Ikani timadontho titatu: goloboyi ndi otchinga kumbuyo awiri. Ikaninso timitanda tiwiri, wina ali ndi mpira, mnzake akuudikira. Kenako anawo awerenge adani kuchokera kugolo. Woyamba ndi goloboyi, koma wofunika ndi wachiwiri. Pa iyeyo dutsitsani mzere wa choko wopingasa bwalo lonse. Wodikira uja akakhala m'theka la adani, wapitirira mzerewu, wapitiriranso mpira, ndiye kuti waima pa ofusayidi. Akangolingana ndi mdani wachiwiriyo alibe mlandu, ndipo zakhala choncho kuyambira 1990. Timayang'ana mutu, thupi ndi miyendo, mikono sitiwerenga.

Musawazoloweretse kunena kuti "wotchinga womaliza". Fufutani goloboyi, mumujambule atatuluka kutali, muwawerengetsenso. Aona okha kuti mzere wasuntha, chifukwa tsopano pakufunika otchinga awiri.

Mukatero tulukani nawo panja. Ana asanu aime monga pachithunzi paja, wachisanu ndi chimodzi aime m'mbali atanyamula kansalu ngati mbendera, azitsata mdani wachiwiri kulikonse. Wothamanga aliyense akhale kaye pansi. Apa n'poyenda chabe. Phazi la wopatsira likangogunda mpira, imbani wezulo, aliyense aume pomwe ali.

Nkhani yonse yagona pa wezuloyo. Tiyerekeze kuti wodikira waumira patatsala phazi limodzi kuti afike pamzere. Muikireni mwala pamapazi, kenako mumuuze apitirize kuyenda, akalandire mpirawo mapazi asanu kuseri kwa otchinga. Mumva gulu lonse likukuwa kuti, "Ofusayidi, sala!" Musawatsutse. Afunseni kuti, "Nanga wezulo polira anali pati?" Aloza mwala uja, mkangano watha. Bwerezani kangapo, chifukwa ngakhale akuluakulu oonerera amalakwa pomwepa: amaweruza pomwe munthu walandirira mpira, osati pomwe anali mnzake pomenya.

Tembenuzani tsopano. Wezulo amupeze atapitirira mzere, kenako abwerere m'mbuyo kudzalandira mpira. Ana ambiri amati wapulumuka, pomwe ayi, ndi ofusayidi ndithu, ndipo adani apatsidwa firikiki yosaloledwa kumwetsa chigoli mwachindunji. Koma mpira ukapita kwina, iye osaukhudza, osatchinga goloboyi kapena kusokoneza mdani, mbendera isakwere. Kungoima pamalopo si mlandu.

Zoti palibe ofusayidi polandira mpira wa kona, wa golokiki ndi woponya ndi manja kuchokera kunja, muzisungire tsiku lina. Kuthamanga muwalole pokhapokha wambendera akayamba kulondola inu musanaimbe wezulo.