Kasowo ka Girauti: Kukonzanso Mizere ya Matailosi a m'Bafa

Mizere yapakati pa matailosi ikada, ambiri amaganiza zogumula bafa lonse. Nthawi zambiri matailosiwo amakhala abwinobwino, chatha ndi girauti, phala lija lotseka mipata. Chida chochotsera girauti wakale ndi kasowo kakang'ono ka chogwirira chokhota, kamene kunsonga kwake kuli kampeni kokhakhala kolowa mumzere. Kamapezeka m'mashopu ena a zipangizo zomangira ndipo sikalira magetsi. Amisiri ena amathamangira girayinda, koma dzanja likangoterereka m'mphepete mwa tailosi mumabenthuka.

Musanapale, yesani kutsuka

Girauti wa simenti amamwa madzi, motero sopo ndi nkhungu zimalowerera mkati. Madontho akuda ndi nkhungu. Kufiirira ngati dzimbiri kumabwera ndi madzi a pamjigo kapena pachitsime okhala ndi chitsulo chambiri. Pa madontho akudawo, pakani jiki wosungunula m'madzi pa kachigawo kamodzi, dikirani mphindi 10, kenaka kwechani ndi mswachi wakale. Mzere ukayera, kasowo kasungeni. Musasakanize jiki ndi viniga kapena asidi, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo ndi wapoizoni.

Kupala kumafunika ngati girauti akufumbutuka mukamukanda ndi msomali, wang'aluka, kapena mtundu sukubwerera. Gogodaninso matailosi ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Yolira ngati ng'oma yamatuka pansi. Imeneyo iyambe yamatidwanso, apo ayi girauti watsopano ang'alukanso pomwepo.

Kapalidwe kake

Yendetsani kasowo pakati pa mzere, uku ndi uku, osakanikiza kwambiri. Chotsani magawo awiri mwa atatu a kuya kwa mzerewo, kapena wonse ngati mukufuna kuika girauti wa epokisi. Kungopaka watsopano pamwamba pa wakale ndi ntchito yonamiza maso, posachedwa amakanganuka. Valani chophimba pamphuno, sesani fumbi lonse m'mizere, pukutani, ndipo pasiyeni paume.

Simenti kapena epokisi?

Wa simenti ndi ufa wosakaniza ndi madzi. Ndi wotchipa komanso woleza mtima ndi munthu wongophunzira kumene. Sakanizani mpaka alimbe ngati chiponde, musiyeni mphindi 5, takasaninso osawonjezera madzi. Madzi ochuluka ndi amene amachititsa girauti kuwawuka ndi kufumbutuka. Mukankhireni m'mizere mopingasa ndi fuloti ya labala, ndipo patapita mphindi 15 mpaka 30 pukutani ndi siponji yofinya bwino. Musasambiremo masiku awiri kapena atatu.

Epokisi alibe simenti. Amabwera m'magawo awiri kapena atatu osakaniza pamodzi, ndipo akauma samwa madzi, choncho sathimbirira msanga ndipo sawopa mankhwala otsukira. Mtengo wake ndi wokwera kangapo, komanso sadikira munthu. Mukasakaniza muli ndi mphindi pafupifupi 30 mpaka 45, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala nthawiyo imafupika. Yambani m'mamawa, muzisakaniza pang'onopang'ono motsata muyeso wolembedwa pachitini, osaphatikiza mwa maso. Muyeso ukaphonyeka, mizere imakhala yonanda ndipo siuma. Khalani awiri, wina azipaka, wina azitsuka pambuyo ndi madzi ndi siponji. Zotsalira pa tailosi zikagona usiku zimasanduka chifunga chonyezimira chimene madzi sachotsa. Valani magolovesi chifukwa epokisi amayabwa pakhungu, ndipo pa matailosi osanyezimira kapena a mwala yambani mwayesa pangodya yobisika, poti amatha kuwadetsa.

Tiyerekeze shawa ya mita imodzi mbali zonse. Pansi pali matailosi a masentimita 10 mbali zonse, pamakoma atatu otalika mamita 2 pali a masentimita 30. Mipata ndi ya mamilimita 3 m'lifupi ndi 8 kuya. Pansi pokha pafunika girauti wosakwana kilogalamu imodzi, pomwe makoma onse, omwe ndi masikweya mita 6, afunika kilogalamu imodzi ndi theka. Pansi ndi pamene madzi a sopo amadikha tsiku ndi tsiku, ndiye ikani epokisi pamenepo, makoma apite ndi simenti. Ndalama yaikulu yapita pamalo ovuta pokha. Bafa la pamalo ogona alendo kapena la nyumba ya anthu ambiri lingayenere epokisi ponseponse. Chimbudzi cha alendo chimene makoma ake sanyowa sichifunika epokisi n'komwe.

M'makona momwe khoma lakumana ndi pansi musaikemo girauti wa mtundu uliwonse. Nyumba imasuntha pang'ono pamenepo, choncho pamafunika silikoni wa m'bafa yemwe amatamuka. Dziwaninso kuti ngati khoma la chipinda choyandikana ndi bafa likunyowa kapena penti ikutukusira, epokisi sathetsa vutolo. Itanani pulambala aone mapaipi musanagule kanthu.