Pepala linali lenileni, wogulitsa ndiye anali wabodza

Mlamu wanga anapeza kanyumba ka zipinda zitatu ku Ipusukilo, mumzinda wa Kitwe. Wogulitsayo anali bambo waulemu, wa jekete lositidwa bwino. Anatulutsa mu envulopu pepala lokhala ndi chidindo cha khonsolo, nanena kuti munthu wina akubwera ndi ndalama madzulo omwewo. Mlamu anapereka chikole cha K15,000, nalemberana pa pepala long'amba m'kope la mwana wasukulu.

Atandionetsa fotokope ya pepala lachidindo lija ndinafunsa kuti, "Alamu, dzina lili apali mwaliyerekeza ndi la pa reji yawo?" Anangoti kukamwa yasa.

Nyumbayo inali ya malemu mkulu wake wa bamboyo. Mkazi wamasiye ndi ana anali moyo, ndipo bamboyo analibe kalata ya khoti yomupatsa mphamvu zoyang'anira chuma cha masiye. Chidindo chinali chenicheni ndithu, koma wogulitsa analibe chogulitsa.

Ambiri timasokonezeka chifukwa pepala lililonse la malo timalitcha taitulo. Ku Zambia malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti, malinga ndi lamulo la malo la 1995, ndipo taitulo yeniyeni ndi lendi ya zaka zosapitirira 99 yochokera ku Unduna wa za Malo. M'makomboni ngati Ipusukilo, chimene eni nyumba amakhala nacho kawirikawiri ndi chilolezo chokhalira cha zaka 30, chochokera ku khonsolo. Kalata ya tcheyamani wa m'dera kapena ya khansala si umwini wa malo, ngakhale itasindikizidwa bwanji.

Tsono pepala lililonse lili ndi kwawo. Ngati ndi la khonsolo, pitani nalo ku Khonsolo ya Kitwe akatsegule kaundula, muone dzina la mwini ndi ngongole yomwe yatsalira. Ngati ndi taitulo ya unduna, lembani nambala ya puloti, mulipire kandalama kofufuzira ku ofesi ya kaundula wa malo ku Ndola. Kumeneko mudzaona mwini wake, ngati malowo anapinyolitsidwa kubanki, komanso ngati wina anaikapo chiletso. Pitani nokha. Zofufuza zomwe wakubweretserani wogulitsa n'zosavuta kupeka kuposa taituloyo.

Kaundula naye ali ndi polekezera: sakuuzani ngati nyumba mwaionetsedwayo ndi yomwe ili pa nambalayo. Apo m'pofunika kubwerera tsiku lina popanda wogulitsa, n'kufunsa amayi apampopi kuti pakhomopo ndi pa yani. Mlamu akanamva zonse asanamalize n'kupereka moni komwe.

Foni ya bambo uja inasiya kupezeka patangotha sabata. Inu, wogulitsa akakana kupita nanu ku kaundula atanyamula reji ndi pepala lenilenilo, osati fotokope, bwezani ndalama zanu m'thumba.