Mphindi 20, Masilaidi 9: Kulemba Mndandanda wa Nthawi

Pa tsiku la makolo kapena pa msonkhano wa komiti, gulu lililonse lofuna kuonetsa ntchito yake pa pulojekita limapatsidwa nthawi yake. Gulu limodzi likapitirira ndi mphindi zisanu, mphindi zimenezo zimachotsedwa kwa amene akubwera pambuyo, ndipo nthawi ya swala ya masana ikakwana anthu amanyamuka, kaya mwamaliza kaya simunamalize. Chimene chimatayika ndi silaidi yomaliza, pomwe nthawi zambiri pamakhala pempho lenileni. M'phunziro lino tiona momwe tingasandutsire masilaidi athu kukhala mndandanda wa nthawi: pepala limodzi losonyeza mphindi za silaidi iliyonse, nthawi ya pa wotchi imene iyenera kuonekera, ndi malo onse amene pali kusintha.

Titenge chitsanzo ichi. Kalabu ya sayansi yapatsidwa mphindi 20, kuyambira 11:30 mpaka 11:50, kuti ifotokoze za sefa ya mchenga yoyeretsera madzi ndi kupempha komiti kuti ithandize kugula zipangizo. Olankhula ndi atatu, ndipo masilaidi ndi 9.

Yambani ndi kuchotsera, osati kugawa

Ambiri amafulumira kugawa 20 ndi 9, n'kunena kuti silaidi iliyonse itenge mphindi ziwiri ndi pang'ono. Masamuwo ndi olondola, koma mndandanda wotere sugwira ntchito. Choyamba, masilaidi safanana kulemera: chithunzi cha mjigo wa pasukulu anthu amachimvetsa akangochiona, pomwe girafu imafuna kufotokozedwa pang'onopang'ono. Chachiwiri, si mphindi 20 zonse zimene ndi za masilaidi.

Choncho timayamba ndi kuchotsera. Makolo ndi akuluakulu a komiti adzafunsa mafunso, ndiye tisunge mphindi 4. Tisungenso mphindi 2 zapadera zimene sitizipatsa ntchito iliyonse. Zimenezi ndi zoyembekezera zogwa mwadzidzidzi, monga chokuzira mawu kukana kapena omvera kuseka ndi kuwomba m'manja. Zatsala mphindi 14. Zimenezi ndizo zathu, ndipo zonse zimene tikonze ziyenera kulowa m'menemo.

Pimani silaidi iliyonse ndi wotchi

Mphindi za silaidi sitiziganizira m'mutu, timazipima. Wolankhula aliyense alembe zimene adzanene pa silaidi iliyonse, kenako aimirire n'kuzilankhula mokweza monga adzachitire pa tsikulo, mnzake atagwira wotchi. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa pakamwa.

Ngati nthawi yoyeserera zonse yachepa, pali njira yachidule. Werengani ndime imodzi mokweza kwa mphindi imodzi, muwerengetse mawu amene mwanena. Tiyerekeze kuti mwapeza 90. Ndiye kuti silaidi ya mawu 135 idzakutengerani mphindi imodzi ndi theka. Aliyense apime liwiro lake, ndipo apime m'chilankhulo chimene adzalankhule, chifukwa mawu a Chichewa ndi ataliatali kuposa a Chingerezi. Chiwerengero cha chilankhulo chimodzi sichigwira pa chinzake.

Mukapima, kwezerani m'mwamba kufika pa theka la mphindi lotsatira. Silaidi ya masekondi 75 ilembeni mphindi imodzi ndi theka. Pa girafu onjezerani masekondi oti anthu ayang'ane kaye inu musanayambe kulankhula. Pa kanema musalembe kutalika kwa kanemayo kokha: kanema wa mphindi imodzi ndi theka timamupatsa mphindi 2, chifukwa pamafunika mawu omulowetsera ndi kanthawi koti ayambe.

Amene akugwiritsa ntchito PowerPoint ali ndi chowathandiza. Pa Slide Show sankhani Rehearse Timings, ndipo kompyuta idzapima nthawi imene mwakhala pa silaidi iliyonse. Mukavomera kusunga nthawizo, zimaoneka pansi pa silaidi iliyonse mu Slide Sorter, ndipo mukhoza kuzikopera papepala. Koma chenjerani apa: mukasunga nthawizo, masilaidi amayamba kusintha okha pa tsiku loonetsa. Mudzazindikira vutoli mukaona silaidi ikuchoka wolankhula ali pakati pa chiganizo. Kuti zisachitike, chotsani chizindikiro pa Use Timings, pa Slide Show pomwepo.

Kusintha kulikonse kukhale ndi mzere wake

Apa ndi pamene nthawi imathawira anthu osaona. Kusintha ndi chilichonse chimene chimachitika pakati pa masilaidi: wolankhula wina kukhala pansi wina n'kuimirira, kupatsirana chokuzira mawu, kuzimitsa chithunzi kuti anthu ayang'ane patebulo. Zinthu zimenezi mu masilaidi mulibe, choncho amene amangoyang'ana pa kompyuta saziwerengera. Lamulo lathu n'lakuti kusintha kulikonse kulembedwe pa mzere wakewake, ndi mphindi zake, ndi dzina la wochita. Tiziikapo chizindikiro chooneka msanga, monga mivi iwiri, kuti diso likupeze ngakhale muli ndi mantha.

Mndandanda wa kalabu yathu ukuoneka chonchi:

| Nthawi | Chochitika | Mphindi | Wochita |
|---|---|---|---|
| 11:30:00 | Silaidi 1: moni ndi mutu | 0.5 | Woyamba |
| 11:30:30 | Silaidi 2: kumene timatunga madzi | 1.5 | Woyamba |
| 11:32:00 | Silaidi 3: chithunzi cha mjigo | 0.5 | Woyamba |
| 11:32:30 | Silaidi 4: girafu | 2 | Woyamba |
| 11:34:30 | >> Kusinthana | 0.5 | Woyamba ndi wachiwiri |
| 11:35:00 | Silaidi 5: zigawo za sefa | 1 | Wachiwiri |
| 11:36:00 | Silaidi 6: kanema | 2 | Wachiwiri |
| 11:38:00 | >> Zimitsani chithunzi, onetsani sefa patebulo | 2 | Wachiwiri ndi wa pa kompyuta |
| 11:40:00 | >> Kusinthana, yatsani chithunzi | 0.5 | Wachiwiri ndi wachitatu |
| 11:40:30 | Silaidi 7: zotsatira | 1.5 | Wachitatu |
| 11:42:00 | Silaidi 8: mitengo ya zipangizo (ingadumphidwe) | 1 | Wachitatu |
| 11:43:00 | Silaidi 9: pempho kwa komiti | 1 | Wachitatu |
| 11:44:00 | Mafunso | 4 | Onse |
| 11:48:00 | Zapadera | 2 | |

Tawerengani mizere ya masilaidi yokha, mupeza mphindi 11. Mizere itatu ya mivi ikutenga mphindi 3. Gulu limene likanadzaza mphindi 14 zonse ndi masilaidi likanapitirira ndi mphindi 3 ngakhale aliyense atalankhula bwino lomwe, ndipo silikanadziwa kumene nthawi yapita.

Pa mzere wa kusintha ndi bwino kulembanso mawu otsiriza a wolankhula, mwachitsanzo akuti "Tsopano mnzanga akuonetsani mmene sefayo tinaipangira." Wachiwiri akamva mawu amenewa amadziwa kuti aimirire, ndipo wa pa kompyuta amadziwa kuti asinthe. Pozimitsa chithunzi palibe chifukwa chozimitsira pulojekita, chifukwa imachedwa kuyakanso. Mu PowerPoint ingodinani batani la B, chithunzi chimada; mukadinanso B chimabwerera pa silaidi yomweyo.

Nthawi ya pa wotchi

Mphindi za silaidi iliyonse zimathandiza pokonza, koma pa tsikulo chimene chimathandiza ndi nthawi ya pa wotchi. Palibe amene angaphatikize 0.5 ndi 1.5 ndi 2 m'mutu ali pamaso pa makolo ake. Nthawi ya mzere uliwonse timaipeza pophatikiza nthawi ya mzere wam'mwamba ndi mphindi zake. Pensulo imakwanira, koma mukasintha silaidi imodzi mizere yonse yam'munsi imafunika kuwerengedwanso. Mu Excel, ikani nthawi yoyambira mu A2, mphindi mu C, ndipo mu A3 lembani izi n'kuzikokera pansi:

```
=A2+C2/1440
```

Timagawa ndi 1440 chifukwa Excel imawerengera tsiku lathunthu ngati 1, ndipo tsiku lili ndi mphindi 1440. Mukaona nambala yachilendo ngati 0.479 m'malo mwa nthawi, masamu sanalakwike. Sankhani A yonse, mulowe mu Format Cells, mulembe hh:mm:ss pa Custom. Mwambo ukayamba mochedwa ndi mphindi khumi, mumangosintha A2, mizere yonse n'kudzikonza yokha.

Nanga mukaphatikiza n'kupeza 17 m'malo mwa 14? Musalamule olankhula kuti athamange, chifukwa agogo athu okhala kumbuyo sadzamva kanthu. Musadyenso mphindi zapadera zija. Chotsani silaidi yathunthu kapena phatikizani ziwiri zonena chinthu chimodzi, kenako pimaninso.

Sankhiranitu chodumpha

Mndandanda wabwino umanenanso chochita zinthu zikasokonekera. Wosunga nthawi safunika kuyang'ana mzere uliwonse. Asankhe malo awiri okha oyang'anira, ndipo malo abwino ndi pa kusinthana. M'chitsanzo chathu, wachiwiri ayenera kuyamba 11:35:00, wachitatu 11:40:30. Kuchedwa kwa theka la mphindi sikuvuta, mphindi zapadera zidzakuphimba. Koma ngati wachitatu akuyamba 11:41:30 itadutsa, wosunga nthawi akweze pepala lofiira, ndipo silaidi 8 idumphidwe. Wa pa kompyuta alembe 9 n'kudina Enter, PowerPoint ipita pa silaidi 9 mwachindunji. Wolankhula atchule mtengo wonse m'chiganizo chimodzi, mitengo ya chipangizo chilichonse idzabwera pa mafunso.

Chosankha chimenechi chipangidwe dzulo lake, gulu lonse litagwirizana. Mukachisiyira tsikulo, wachitatu adzapanikizika yekha, ndipo chimene adzadule ndi silaidi 9, pempho lija limene kalabu inabwerera.

Mukamaliza, sindikizani kapena kopani mapepala atatu: la wa pa kompyuta, la wosunga nthawi, ndi la mphunzitsi wotsogolera mwambo. Yesererani kamodzi m'holo momwemo, mukuyenda ndi kupatsirana chokuzira mawu monga mwalembera. Ngati kusinthana kukutenga masekondi 50 m'malo mwa 30, sendezani mipando ya olankhula pafupi ndi tebulo, kapena konzani nambala papepala.

Kwa makolo athu: mwana akamayeserera kunyumba, mugwirireni wotchi ya pa foni, mumuuze nambala imene mwapeza osamunyengerera. Kwa akuluakulu a komiti: mukamaitana gulu, liuzeni nthawi yoyambira, yomalizira, ndiponso ngati mafunso ali m'kati mwa mphindi zimenezo. Popanda zinthu zitatu zimenezi, mzere woyamba wa mndandanda sungalembedwe.